Ana akhale ndi ndani, ndipo alipire ndani? Funso la malamulo a banja ndi yankho lake lachitsanzo

Funso

A Gondwe, a ku Mzimba, ndi a Nabanda, a ku Dedza, anakwatirana mwamwambo mu 2008. Akuchimuna anapereka lobola ya ng'ombe zisanu, ndipo akuchikazi analandira ngakhale kuti si mwambo wa kwawo. Banjali lakhala ku Lilongwe nthawi yonseyi ndipo lili ndi ana atatu: Tiyamike, mtsikana wa zaka 16 yemwe ali Fomu 3 pasukulu yolipira; Mphatso, mnyamata wa zaka 10; ndi Chikondi, wa zaka 3.

Miyezi isanu ndi itatu yapitayo awiriwa anapatukana a Gondwe atawanena akazi awo kuti ali ndi chibwenzi. A Gondwe anatenga Mphatso n'kukamusiya kwa amayi awo ku Mzimba, iwo n'kubwerera kuntchito ku Lilongwe. Tiyamike anakana kupita. A Nabanda akukhala ndi ana awiriwo m'nyumba ya lendi, ndipo posachedwapa ayamba kukhala ndi mwamuna wina. Amagulitsa kaunjika ndipo amapeza pafupifupi K300,000 pamwezi. A Gondwe amalandira K900,000 pamwezi atachotsa msonkho, akubweza ngongole ya galimoto ya K250,000 pamwezi, ndipo ali ndi khanda la chaka chimodzi kwa mayi wina.

A Gondwe akuti ana onse ndi awo chifukwa analowola, kuti mkazi wachigololo sangalere ana, kuti Tiyamike wakula ndipo sadzamulipirira kanthu, ndiponso kuti sangapereke ndalama kunyumba imene muli mwamuna wina. A Nabanda akuti bambowo sadzaona ana mpaka atayamba kulipira. Mphatso amalira pafoni kuti akufuna kubwerera. Langizani a Nabanda.

Yankho

A Nabanda akufuna kudziwa zinthu zitatu: ana adzakhala ndi ndani, bambo awo adzawaona motani, ndi kuti bambowo ayenera kupereka zingati. Mafunso atatuwa amayankhidwa paokhapaokha, ndipo onse amayankhidwa poyang'ana ana osati makolo. Makolo onse awiri pamlanduwu alakwitsa pamfundo imodzimodzi, chifukwa aliyense akuyesa kugula chimodzi ndi chinzake: bambo akuti ndalama ndipereka mukandipatsa ana, mayi akuti ana muwaona mukandipatsa ndalama. Lamulo silivomereza malonda onse awiriwa.

Lamulo lake ndi khoti lake

Poyambira ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 23 limanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndiponso kuti pachigamulo chilichonse chokhudza ana, ubwino wa anawo ukhale patsogolo. Gawo lomweli limapatsa mwana ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso ufulu wolandira chithandizo choyenera kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya anasudzulana. Gawo 24 limapatsa amayi ufulu wofanana ndi abambo pa kusunga ana, kuwayang'anira ndi kupanga ziganizo za kaleredwe kawo.

Pali malamulo awiri a Nyumba ya Malamulo amene munthu angathamangire, ndipo apa ndi pofunika kusamala. Lamulo la Ukwati, Chisudzulo ndi Maubale a m'Banja la 2015 limanena pa gawo 3 kuti limakhudza maukwati amene anamangidwa lamuloli litayamba kale kugwira ntchito, kupatula chigawo chake cha ufulu ndi maudindo a anthu okwatirana, chomwe chimakhudza maukwati onse. Ukwati wa a Gondwe ndi a Nabanda ndi wa mu 2008, choncho sitingatsamire lamuloli pa zonse. Chimene tingatengemo ndi udindo wa okwatirana wosamalira banja, popeza awiriwa sanasudzulane, angopatukana. Lamulo limene likugwira mlanduwu mwachindunji ndi Lamulo la Chisamaliro, Chitetezo ndi Chilungamo cha Ana la 2010. Ilo silifunsa tsiku la ukwati, silifunsanso ngati ukwati ulipo n'komwe.

Izi zikutiuza khoti loyenera. Pempho losunga ana, loona ana ndi la chithandizo limapita ku khoti la ana lomwe lamulo la 2010 linakhazikitsa, ndipo a Nabanda sayenera kudikira chisudzulo kuti akadandaule. Akadzafuna kuthetsa ukwatiwo, khoti la majisitireti lili ndi mphamvu pa maukwati amwambo, koma imeneyo ndi nkhani ina ndipo isachedwetse ya ana.

Lobola ndi mlandu wa chigololo

Mfundo ya a Gondwe si yongopeka. Pamwambo wa anthu olowola, monga Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka, lobola ikaperekedwa ana amawerengedwa kuchimuna. Pamwambo wa Achewa ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni awo. Wina angayambe kufufuza kuti pakati pa miyambo iwiriyi ndi uti umene unamanga ukwatiwu, ndipo a Gondwe anganene mwamphamvu kuti akuchikazi polandira ng'ombe anavomera mwambo wa kuchimuna. Mwina angapambane pamfundo imeneyo. Koma kupambanako sikungawapatse ana, chifukwa funso la mwambo silimaliza mlandu wa kasungidwe ka mwana.

Gawo 200 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalola malamulo amwambo kugwira ntchito pokhapokha ngati sakutsutsana ndi malamulo aakuluwo, ndipo gawo 5 limati lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu pamene pakutsutsanapo. Mwambo wonena kuti mwana apite kwa bambo chifukwa cha ng'ombe, osafunsa kuti kumeneko akakhala bwanji, ukutsutsana ndi gawo 23 lomwe limaika ubwino wa mwana patsogolo, komanso gawo 24 lomwe limafananitsa mayi ndi bambo. Tinene mosakondera kuti mpeni womwewu umadulanso mbali inayo. A Nabanda sangaime m'khoti n'kunena kuti kwathu ku Dedza ana ndi a kuchikazi, basi nkhani yatha. Mwambo umatsala ndi malo ake, chifukwa ndi chinthu chabwino kuti mwana adziwe kwawo kwa bambo ake, agogo ake ndi chilankhulo chawo. Koma umalowa ngati chimodzi mwa zinthu zomupindulira mwanayo, osati ngati umwini wa kholo.

Nkhani ya chigololo ili ndi mavuto awiri. Loyamba ndi la umboni, chifukwa funso likungoti a Gondwe anawanena akazi awo, silikuti zinatsimikizika. Lachiwiri ndi lalikulu: ngakhale zitatsimikizika, kusunga ana si mphoto ya wosalakwa ndipo kulandidwa ana si chilango cha wolakwa. Khalidwe la kholo limawerengedwa pokhapokha likakhudza mwana, monga kuledzera mpaka kusiya ana ndi njala, nkhanza, kapena kuwasiya okha usiku. Munthu akhoza kulephera ukwati koma n'kukhala kholo labwino. Ndipo a Gondwe eni ake ali ndi khanda la chaka chimodzi kunja pamene anapatukana miyezi isanu ndi itatu yokha yapitayo, kutanthauza kuti khandalo linabadwa banja lidakalipo. Akakakamira zoti khoti liyeze makolo ndi muyezo wa kukhulupirika, muyezowo uwagwera iwo omwe.

Komabe a Nabanda asaone ngati nkhani ya mwamuna amene akukhala nayeyo ndi yopanda pake. Khoti lidzafuna kudziwa kuti munthuyo ndi wotani, nyumbayo ili ndi zipinda zingati, Tiyamike amagona pati, ndiponso anawo amamasuka naye kapena ayi. Pamene pali mtsikana wa zaka 16 m'nyumba imodzi ndi bambo wosakhala wake, woweruza wosamala amafunsa zimenezi, ndipo ayenera kufunsa. Funso silikutipatsa chilichonse choipa chokhudza mwamunayo, choncho pakadali pano palibe chowachotsera ana a Nabanda. Koma pamene mlandu wawo ungafookere ndi pamenepa, ndipo ndi bwino iwo eni apemphe kuti mlangizi wa za chisamaliro cha anthu akayendere nyumba zonse ziwiri n'kulembera khoti lipoti.

Mwana aliyense payekha

Gawo 8 la lamulo la 2010 limalola kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera kupempha kusunga mwana. Pogamula, khoti limalamulidwa kuganizira ubwino wa mwanayo ndi kufunika koti mwana, malinga ndi msinkhu wake, akhale ndi mayi ake. Limalamulidwanso kumva maganizo a mwanayo, kukumbukira kuti ndi bwino ana apachibale asalekanitsidwe, ndi kuona china chilichonse chofunika. Dziko la Malawi linavomerezanso Pangano la Ufulu wa Ana la Mgwirizano wa Mayiko Onse mu 1991, lomwe pa ndime 3 limaika ubwino wa mwana patsogolo ndipo pa ndime 12 limati mwana amvedwe molingana ndi msinkhu ndi nzeru zake.

Za Chikondi n'zosavuta. Ali ndi zaka 3, wakhala ndi mayi ake chibadwire, ndipo mfundo ya msinkhu ikumukhudza mwachindunji. Mfundoyi si lamulo loti mayi amapambana nthawi zonse, ndipo ikhoza kugonja patakhala umboni woti mayiyo akumuzunza kapena kumunyanyala mwana. Umboni wotero palibe. A Gondwe sananenenso kuti masana iwo ali kuntchito mwanayu azikhala ndi yani.

Za Tiyamike zikutsamira pa maganizo ake. Anakana kupita ku Mzimba, ndipo mtsikana wa zaka 16 amadziwa chimene akukana. Lamulo silinena kuti mwana ndiye amagamula, koma mawu a mwana amalemera pamene iye akukula. Kumusamutsa ali Fomu 3, mayeso a Fomu 4 ali pafupi, kungamusokoneze maphunziro popanda phindu looneka. Khoti lidzangofuna kutsimikiza kuti maganizowo ndi akeake osati ochita kuuzidwa, ndipo njira yabwino ndi yoti woweruza kapena mlangizi acheze naye payekha makolo palibe. A Nabanda asayerekeze kumuphunzitsa zokanena, chifukwa zimadziwika msanga ndipo zimaononga mlandu wabwino.

Povuta ndi pa Mphatso, ndipo apa a Gondwe ali ndi mfundo zenizeni. Akhoza kunena kuti mwanayu wakhala ku Mzimba miyezi isanu ndi itatu, wazolowera, ali pasukulu, ndipo kumuzula kachiwiri n'kumuvutitsa. Makhoti amalemekezadi kukhazikika kwa mwana ndipo sakonda kumusuntha pachabe. Akhozanso kunena kuti mnyamata wa zaka 10 si khanda, choncho mfundo yokhala ndi mayi ilibe mphamvu monga ili nayo kwa Chikondi. Pamfundo yachiwiriyi akunena zoona.

Koma tikaziika pasikelo, mbali ya a Nabanda ikulemera. Kukhazikika kumene a Gondwe akudalira anakupanga okha potenga mwana mnzawo asanavomere, ndipo khoti likamalemekeza zotere ndiye kuti likuuza kholo lililonse kuti thawitsa mwana msanga, udikire miyezi ipite. Miyezi isanu ndi itatu ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zoposa zisanu ndi zinayi zimene Mphatso wakhala ku Lilongwe ndi mayi ake ndi abale ake. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti Mphatso sakukhala ndi bambo ake. Ali ndi agogo, bambo ali ku Lilongwe. Ndiye mpikisano weniweni suli pakati pa mayi ndi bambo, uli pakati pa mayi ndi agogo, pamene gawo 23 limapatsa mwana ufulu woleredwa ndi makolo ake. Agogo angamukonde mdzukulu ndi mtima wonse, koma monga zinthu zililimu mwanayu watalikirana ndi makolo onse awiri pamodzi ndi abale ake onse. Tikawonjezera mfundo ya gawo 8 yosalekanitsa ana apachibale, ndi kulira kwake pafoni, chigamulo choyembekezeka n'chakuti abwerere kwa mayi ake. Kulira pafoni pakokha ndi umboni wofooka chifukwa tikuumva kudzera mwa mayi, choncho nayenso ayenera kumvedwa ndi mlangizi. Khoti likhoza kukonza kuti asamuke teremu ikatha kuti sukulu isaduke pakati.

A Gondwe angafunenso kunena kuti iwo ndiwo ali ndi ndalama, choncho ana akakhala bwino kwa iwo. Mfundoyi imamveka kawirikawiri m'makhoti ndipo ndi yolakwika, chifukwa kusiyana kwa chuma kumakonzedwa ndi chigamulo cha chithandizo. Kukanakhala kuti wolemera ndiye amatenga ana, ufulu wa amayi wa mu gawo 24 ukanangokhala wa papepala kwa amayi ambiri m'dziko muno.

Langizo lofunika kwambiri pano ndi la nthawi. Mwezi uliwonse umene a Nabanda akuzengereza ukulimbitsa mfundo yoti Mphatso wakhazikika. Apite kukhoti tsopano, ndipo asapite okha ku Mzimba kukamulanda mwanayo, chifukwa akatero achita chomwecho chimene akudandaula.

Kuona ana

Apa a Nabanda ayenera kuuzidwa mosabisa kuti akulakwitsa. Gawo 8 lomwelo limalola kholo limene silikusunga mwana kupempha kuti lizimuona nthawi ndi nthawi, ndipo muyezo wake ndi ubwino wa mwana womwewo. Kuonana ndi bambo ndi ufulu wa Tiyamike, Mphatso ndi Chikondi, ndipo mayi sangaugwire chikole pa ngongole ya bambo. Palibe chosonyeza kuti a Gondwe ndi oopsa kwa ana. Kuwatsekera pakhomo kukhoza kuwabwerera a Nabanda, popeza khoti limaonanso kuti ndi kholo liti limene lingalole ana kukhala paubale ndi kholo linalo.

Chanzeru n'chakuti iwo eni abweretse ndondomeko: Loweruka ndi Lamlungu sabata ina iliyonse, theka la tchuthi cha sukulu chomwe anawo angakachezere agogo ku Mzimba, ndi kuyankhulana pafoni. Kwa Chikondi kuyambe ndi maola a masana, kugona kudzabwere pambuyo. Popeza a Gondwe anatengapo kale mwana osapangana, n'koyenera kupempha kuti chigamulo chitchule tsiku ndi malo obwezera ana, ndi kuti asawatulutse mu Lilongwe popanda kugwirizana.

Chithandizo

Gawo 9 la lamulo la 2010 limalola kholo, mwana mwini, wachibale, mlangizi wa za chisamaliro cha anthu ngakhale mphunzitsi kukadandaula pamene munthu amene ali ndi udindo wosamala mwana wanyalanyaza udindowo. A Gondwe sakukana kuti anawa ndi awo, choncho nkhani yotsimikiza bambo sikubuka. Zifukwa zawo zokanira ndi ziwiri, ndipo zonse n'zosalimba.

Ponena kuti Tiyamike wakula, mwina akudalira kuti lamulo la 2010 polembedwa linati mwana ndi munthu wosafika zaka 16, monga momwe gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko linkanenera nthawi imeneyo. Koma mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha gawo 23 n'kuika zaka 18, ndipo lamulo laling'ono silingapose lalikulu. Tiyamike ndi mwana ndipo ufulu wake wa chithandizo ulipo wonse. Lamulo la ana limalolanso khoti kupitiriza chithandizo mwana atakwana zaka 18 ngati adakali pamaphunziro, choncho a Nabanda apemphe zimenezi tsopano lomwe, popeza mtsikanayu akhoza kufika zakazo asanamalize kuphunzira. Kukana kwake kupita ku Mzimba sikuchotsa kanthu, chifukwa udindo wa bambo sudalira kumvera kwa mwana.

Ponena za mwamuna winayo, a Gondwe akusokoneza zinthu ziwiri. Kukhala ndi mwamuna wina kukhoza kufooketsa pempho la a Nabanda lofuna chithandizo cha iwo eni ngati mkazi, ndipo pachifukwa chimenechi sindingawalangize kulimbikira pempho lotero. Koma ndalama za ana ndi za ana, ndipo amene anabereka ndiye ali ndi udindo. Mwamuna watsopanoyo angakhudze chiwerengero pang'ono chabe, ngati akulipirako lendi.

Tsono zingati? Gawo 10 limatchula zoyenera kuganizira: zopeza ndi chuma cha makolo onse awiri, chilichonse chochepetsa mphamvu ya kholo yopezera ndalama, udindo wa khololo pa ana ena, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kudera kumene mwana akukhala. Lamulo silipereka masamu oti wolandira zakuti apereke zakuti. Chiwerengero chotsatirachi ndi njira yoonetsera khoti maganizo olongosoka, ndipo ndalama za zosowa ndangoziyerekeza popeza funso silinazipereke. A Nabanda adzayenera kubweretsa zenizeni ndi malisiti.

Tiyerekeze kuti ana atatu onse ali kwa mayi. Fizi ya Tiyamike ikhale K240,000 pateremu, ndiye K720,000 pachaka, kapena K60,000 pamwezi. Mphatso ali kupulayimale ya boma, koma yunifolomu, makope ndi zina zikwane K15,000. Chakudya cha ana atatu K210,000. Pa lendi ya K120,000, gawo la ana likhale K80,000. Zovala, sopo, mankhwala ndi zoyendera K85,000. Zonse pamodzi ndi K450,000 pamwezi.

Udindo ndi wa makolo onse awiri, aliyense monga mwa mphamvu zake. Akapeza K900,000 wina ndi K300,000 wina, ndiye kuti pa magawo anayi bambo anyamule atatu, omwe ndi K337,500, mayi anyamule limodzi, K112,500. Kenaka tikumbukire khanda lija. A Nabanda angamve kuwawa nalo, koma gawo 23 limati ana onse ndi ofanana posatengera mmene anabadwira, ndipo gawo 10 limalamula khoti kuliwerengera. Tikapatula K100,000 ya khandalo, a Gondwe atsala ndi K800,000. Pa K1,100,000 ya makolo awiriwa, gawo lawo ndi magawo 8 pa 11, lomwe pa K450,000 likukwana pafupifupi K327,000. Taonani kuti mwana wachinayi watsitsa chiwerengero ndi K10,000 yokha kapena kuposera pang'ono. Kubereka kwina kumachepetsa chithandizo, koma sikuchifafaniza.

Ngongole ya galimoto sindingaichotse yonse. Ndi ngongole yodzisankhira yogulira katundu amene adzakhale wa a Gondwe, ndipo kuichotsa kungatanthauze kuti ana ndiwo akugula galimotoyo ndi chakudya chawo. Khoti likhoza kuiganizira pang'ono ngati galimotoyo ndi imene amapezera ndalama, zomwe funso silikunena. Komabe chigamulo chiyenera kukhala chotheka kulipira. Tikachotsa K327,000, K100,000 ya khanda ndi K250,000 ya ngongole, a Gondwe atsala ndi K223,000 ya lendi ndi chakudya chawo. Loya wawo adzaima pamenepo, ndipo woweruza akhoza kutsitsako pang'ono mpaka ngongoleyo itatha. Poyankha, a Nabanda akumbutse khoti kuti masamuwa sanawerengere ntchito yawo yophika, kuchapa, kugona kuchipatala ndi mwana wodwala, ndi masiku amene sapita kumsika chifukwa cha ana. Imeneyo ndi mbali ya chithandizo imene iwo akupereka kale tsiku ndi tsiku. Poona zonsezi, ndalama zapakati pa K300,000 ndi K330,000 pamwezi n'zimene angapemphe ndi nkhope yowongoka.

Khoti likagamula mosiyana n'kumusiya Mphatso ku Mzimba, tichotse K15,000 ya sukulu yake, K70,000 ya chakudya ndi K25,000 ya zina. Lendi sisintha. Zosowa za ana awiri zikhala K340,000, ndipo gawo la a Gondwe litsika ndithu chifukwa zimene akuwonongera Mphatso ziwerengedwa, koma iwo adzakhalabe olipira popeza ndiwo opeza zambiri ndipo ana ambiri ali kwa mayi.

Umboni wa zopeza ndi pamene milandu yambiri ya chithandizo imagwera. A Gondwe ali pantchito yolembedwa, choncho khoti lipemphedwe kuti abweretse mapepala a malipiro ndi a kubanki a miyezi ingapo, chifukwa ndalama zapadera za maulendo ndi zina sizioneka papepala la mwezi umodzi. A Nabanda nawo anene zoona za kaunjika wawo, miyezi yabwino ndi yoipa yomwe, ndipo kope lolembamo malonda lingawathandize. Wobisa zake khoti silimukhulupirira pa za mnzake.

Kapangidwe ka chigamulo n'kofunika ngati kuchuluka kwa ndalamazo. Popeza a Gondwe akuopa kuti ndalama zawo zidyedwa ndi mwamuna wina, fizi ya Tiyamike izipita kusukulu mwachindunji, ndipo zotsalazo zizidutsa kubanki, pafoni kapena kukhoti, pa tsiku lodziwika la mwezi, kuti pakhale umboni. Zopatsana pamanja zimabala mkangano wa ndinapereka, sanapereke. Chigamulo chinene za ndalama zenizeni osati matumba a chimanga okha, ndipo chitchule amene adzalipire mwana akadwala mwadzidzidzi. A Nabanda apemphenso chigamulo chongoyembekezera choti fizi ndi chakudya ziyambe kuperekedwa mlandu uli m'kati, ndipo aonetse khoti malisiti a zimene awononga okha m'miyezi isanu ndi itatuyi.

A Gondwe akadzapanda kulipira, njira yogwira bwino kwa munthu wa pantchito ndi kupempha khoti kuti ndalamazo zizidulidwa kumalipiro zisanafike m'manja mwawo. Katundu wawo akhozanso kugwidwa, ndipo kunyalanyaza mwana uli ndi mphamvu yomusamala ndi mlandu pansi pa lamulo la ana. Kumangitsa bambowo kukhale komaliza, chifukwa akataya ntchito ana ndiwo atayenso fizi. Mbali iliyonse ikhoza kubwerera kukhoti kukapempha kusintha chiwerengero zinthu zikasintha, monga fizi ikakwera, ngongole ya galimoto ikatha, kapena ntchito ikatha.

Langizo kwa a Nabanda

Akadandaule ku khoti la ana ku Lilongwe mosazengereza, ndipo ngati alibe ndalama za loya akapemphe thandizo ku bungwe la boma loimira anthu osowa pamilandu. Mwayi wawo wosunga Chikondi ndi Tiyamike ndi waukulu, ndipo wa Mphatso ndi wabwino koma ukuchepa pamene miyezi ikupita. Zonsezi zikudalira kuti lipoti la mlangizi lisapeze choipa pa mwamuna amene akukhala naye. Atsegule khomo kuti a Gondwe ayambe kuona ana mlandu usanayambe n'komwe, asonkhanitse malisiti, ndipo apemphe chithandizo cha pafupifupi K327,000 pamwezi, fizi yopita kusukulu mwachindunji ili momwemo, chopitirira kwa Tiyamike mpaka atamaliza maphunziro. Ankhoswe a mbali zonse akhoza kuthandiza kuti awiriwa agwirizane pa masiku oonera ana ndi pa ndalama, koma chimene agwirizanecho chikalembedwe kukhoti kuti chikhale chigamulo chotheka kuchikakamiza.